Msoko wa Pakhosi

Chitsiriza ankadula anthu mitu tsiku ndi tsiku, koma palibe amene anamutengerapo kupolisi. Ntchito yake inali m'kachipinda ka kumbuyo kwa situdiyo yojambulira zithunzi, kachipinda kopanda zenera, momwe munali kompyuta, sikana ndi mpando umodzi wa alendo wothyoka chotsamira. Kutsogolo kunkakhala mwini situdiyo, bambo wachikulire amene anthu anangomupatsa dzina loti a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo, ngakhale iwo eni kumwetulira kunali kwa apo ndi apo.

Obwera kumbuyoko ankakhala anthu osowa thupi loyenera. Mnyamata wofuna ntchito koma alibe jekete. Banja loferedwa limene langotsala ndi kachithunzi ka pachiphaso, koma likufuna malemu aoneke ngati munthu amene ankadya bwino. Chitsiriza ankatenga mutu uku, thupi uko, n'kulumikiza mosaonetsa msoko. Ntchitoyo ankaidziwa, ndipo ankadziwanso kuti amayi ake sankaiwerengera n'komwe. Kwa iwo, mwana wawo wotsiriza ankangoseweretsa kompyuta.

Tsiku lina masana anachokera kuchipatala ndi amayi akewo mvula ikugwa, ndiye anawalowetsa m'kachipindako kuti ayembekeze ikate. Adokotala anali atanena mosapita m'mbali kuti kuiwalaiwala kwa amayiwo si kutopa ayi, ndi matenda, ndipo adzingokulirakulira. Anawonjezera kuti zithunzi zakale zimathandiza, azikhala nazo pafupi, chifukwa munthu wotere amatsamira pa zimene maso akuona.

Amayi anakhala pampando wothyokawo, chikwama pamiyendo, akuyang'ana mwana wawo akuveka suti mnyamata wina amene anajambulitsa atavala malaya a mpira.

"Thupi limenelo ndi lake?" anafunsa.

"Ayi amayi, ndi lobwereka."

"Mwini wake akudziwa?"

"Mwini wake sadzadziwa. Ngakhale uyu mawa adzaiwala kuti alibe suti."

Iye anayembekeza kuti aseka, koma sanaseke. Anasendeza mpando pafupi, maso ali pagalasi la kompyuta, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyo Chitsiriza anaona amayi ake akuchita chidwi ndi manja ake. Mtima wake unakoma. Munthu wamkulu ndithu, wokwatira, wa ndevu zake, koma anakondwa ngati kamwana kamene kauzidwa kuti kasesa bwino.

Atafika kunyumba, amayi sanavule ndi nsapato zomwe. Analunjika pabalaza, nayalula chithunzi chimene chinkapachikika pamwamba pa kabati ya mbale. Chinali cha tsiku limene Chitsiriza anamaliza maphunziro ake a zojambula: iye atavala gauni yakuda ndi chipewa cha ngodya zinayi, amayi ataima pambali pake, dzanja lawo litagwira mkono wake, akuseka mpaka mano onse panja. Zithunzi za amayi ali ndi mkulu wake zinalipo zambirimbiri m'nyumbamo. Cha iwo awiri okha chinali chimenechi basi.

"Undiikire Chisamba apa," anatero amayi, chala chili pankhope ya Chitsiriza.

Chisamba anali mkulu wakeyo, mwana woyamba, amene ankaphunzira udokotala ndipo anafa pangozi ya galimoto atatsala pang'ono kumaliza. Zaka zinali zitapita zambiri, koma m'nyumba ya amayi Chisamba sanakalambe, sanalakwe, sanabwereko mochedwa. Womwalira salakwa, ndipo wotsala amapikisana ndi munthu amene sangamugonjetse.

"Amayi, ameneyotu ndine."

"Ndikudziwa kuti ndiwe, ukundiyesa wamisala? Iwe ndimakuona tsiku lililonse, ukatsokomola ndimamva. Mkulu wako gauni sanaivale. Ndimuoneko kamodzi ataivala, maso anga asanatseke."

"Ndikhoza kupeza thupi lina la gauni. Alipo ambiri pakompyuta."

"Mwana wanga avale thupi la munthu wosamudziwa? Mwina ndi la wakuba. Inu awiri munatuluka m'mimba imodzi, mapewa anu ndi amodzi. Komanso ine ndikhalepo, nditamugwira chonchi."

Tsiku la chithunzicho Chitsiriza ankalikumbuka lonse. Amayi anafika mochedwa, nsapato itaduka lamba, ndipo dzina lake litaitanidwa anaimirira pakati pa holo n'kufuula kuti, "Ameneyo ndi wanga!" mpaka anthu anatembenuka. Sananenenso mawu amenewo chiyambire. Tsopano ankapempha tsikulo kuti alipereke kwa wina, ndipo ankapempha mwaulemu, ngati akubwereka mchere.

"Ndamva, amayi," anatero.

Mkazi wake anamva zonse ali kukhitchini. Apongozi ake atalowa kuchipinda, anatuluka akupukuta manja, nkhope itagwa.

"Mwavomera?"

"Ndikanatani?"

"Mukanakana. Pakamwa muli napo."

"Ndi chithunzi chabe."

"Kwa inu ndi ine ndi chithunzi. Mwaiwala zimene anena adokotala? Dzulo amayi amafunsa ngati bambo abwera kuntchito, bambo amene tinawaika m'manda tisanakwatirane. Nditawaonetsa chithunzi cha pamaliro ndiye anakhala pansi. Amakhulupirira khoma lija kuposa ife. Inu ndi luso lanulo mukakonza mosaonetsa msoko, mwezi uno adziwa kuti n'chopanga. Nanga chaka chamawa?"

Mawuwo anamulowa Chitsiriza.

M'mawa mwake anaika chithunzi cha gauni pasikana, n'kuyala patebulo zithunzi za mkulu wake. Kusankha mutu si kusankha nkhope yokongola. Pachithunzi cha gauni dzuwa linkachokera kumanzere, ndiye pankafunika mutu umene kuwala kwake kukuchokeranso kumanzere, woyang'ana kutsogolo, wojambulidwa kamera ili pa msinkhu wa maso. Chinalipo china chooneka bwino kwambiri, koma kuwala kunali kumanja. Akanatha kuchitembenuza, koma Chisamba anali ndi kachipsera pansidze yakumanja, ndipo kukatembenuza kakanasamukira kumanzere. Mayi angaiwale tsiku la sabata, koma osati mbali imene mwana wake anagwera. Anasankha china chimene anajambulitsa pakhonde la koleji, chofiirira pang'ono, kumbuyo kwake kuli khoma lobiriwira.

Anaika mutuwo pa leya yakeyake pamwamba pa chithunzi cha gauni, monga mapepala awiri osanjikiza, n'kuchepetsa kuoneka kwa leya yapamwambayo mpaka theka kuti aone zonse ziwiri nthawi imodzi. Umu ndi mmene amayezera kukula kwa mutu: maso agwere pa maso, chibwano pa chibwano. Anakoka pang'ono, kupendeketsa pang'ono, mpaka maso anayi anasanduka awiri. Pagalasi panaoneka munthu amene sanabadwepo, wa mphuno ya Chisamba ndi makutu otambalala a Chitsiriza, akumuyang'ana. Anabweza leya ija kuti ioneke yonse, ndipo nkhope yake iye inabisika pansi pa ya mkulu wake.

Kenako anaika masiki. Masiki ndiyo inkamusiyanitsa ndi anyamata a m'misika amene amafufuta ndi chofufutira n'kulira pambuyo pake. Pa masiki sufufuta kanthu. Ukapaka chakuda, mbali imeneyo ya leya imabisika ndipo zapansi zimaonekera. Ukapaka choyera, imabwerera. Chotuwa chimaonetsa mwatheka. Anapaka chakuda pakhoma lobiriwira lija, pa malaya a mkulu wake, ndi pamwamba pa mphumi kuti chipewa cha pansi chitulukire n'kukhala pamutu wa Chisamba. Makutu ake iye ankasuzumirabe kumbuyo kwa mutu watsopanowo. Anatsegula leya ina pakati, n'kuwaphimba ndi masamba a mtengo umene unali kumbuyo kwawo tsiku lija, kukopera masamba apa, kumata apo.

Atafika pakhosi anaima. Pamenepa ndi pamene amisiri amabisa msoko, kuutsitsa mpaka ulowe mumthunzi wa kolala ndi kufewetsa m'mphepete mwa masiki, zimene pantchitopo amati feza. Iye anachita zosiyana. Anatenga burashi youma m'mphepete, feza osaikapo ngakhale pang'ono, n'kudutsa pakati penipeni pa khosi. Chisamba anali woyererako, iye wakuda, ndipo mitunduyo anaisiya momwemo. Panatsala mzere woonekera, pamwamba khungu lina, pansi lina. Ankafuna chithunzi chimene chizidziulula chokha kuti ndi chabodza, kuti tsiku limene mutu wa amayi udzasokonezeke, diso lidzawauze kuti pansipa pali munthu wina.

A Mwetulirani anachiona chikutuluka m'pulinta. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso.

"Ichi chatuluka muno?"

"Ndi cha kunyumba, bwana."

"Kaya ndi cha kunyumba kaya cha kumanda, kumbuyo kwake usadindeko dzina la situdiyo yanga. Munthuyu wachita kudulidwa ndi lumo? Wadwala kodi?"

"Ndachita dala."

Bwanayo anamuyang'ana, nayang'ananso chithunzicho. Gauniyo anaizindikira, chifukwa chithunzi choyambacho anajambula ndi iwo. Belu la pakhomo linalira, ndipo anabwerera kutsogolo.

Amayi anachilandira ndi manja awiri atakhala pabalaza. Poyamba nkhope yawo inawala. Anayang'ana chipewa, maso, kachipsera kaja, milomo yawo ikuyenda popanda mawu. Kenako maso anatsikira pakhosi.

"Wamutani mwana wanga?"

"Amayi, n'kuti muzidziwa kuti..."

"Ndi mmene ndinamuonera kuchipatala kuja. Anamusoka apa. Ndinakweza nsalu ndekha, anandiletsa koma ndinakweza." Anaika chala pamzerewo ngati akufuna kuutseka. "Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu andichotsere chimenechi m'maso. Zina zonse akundichotsera, ichi chokha ayi. Ndiye iwe wandiikira pachithunzi?"

Chitsiriza mtembo sanauone, anali wamng'ono ndipo anamusiya panja. Palibe anamuuzapo za khosi. Amayi analira kulira kwa pansipansi, kosafuula, kumene kumapweteka womvera kuposa kukuwa. Mkazi wake anabwera n'kuwagwira mapewa, ndipo pamwamba pa mutu wa apongozi ake anayang'ana mwamuna wake.

"Anthu osawadziwa umawakonzera bwinobwino," anatero amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Ndinaona ndi maso anga. Mnyamata wa suti uja analibe chilema. Mkulu wako yekha ndiye wamuchita chonchi. Unamuchitira nsanje ali moyo, ndi pano pomwe?"

Iye anatenga chithunzicho m'manja mwawo mofatsa, nachipinda pakati, nkhope kuloza mkati.

Tsiku lotsatira anakhala pakompyuta ngati munthu amene wapatsidwa chilango choti adzikwapule yekha. Poti anagwiritsa ntchito masiki, palibe chimene chinatayika. Khosi lonse la Chisamba linali pomwepo, lobisika chabe. Anatenga burashi yofewa, napaka choyera kutsika nacho, khosi la mkulu wake likubwerera pang'onopang'ono mpaka linafika pa kolala ya malaya oyera. Kolalayo anaisiya ya pansi, yakuthwa m'mphepete monga nsalu imakhalira, kuti khosi lioneke likulowa mkati mwake. Kutsogolo, pamene kolala imatseguka pamwamba pa tayi, panalibe pobisala, khungu linayenera kukumana ndi khungu. Apo anachepetsa mphamvu ya burashi, napaka chotuwa mobwerezabwereza, kuti khungu la Chisamba lizilala pang'onopang'ono ndipo lake lizitulukira pang'onopang'ono, mpaka iye mwini sanathe kuloza pamene wina wathera.

Feza ndi ya kachetechete, imafuna kuyeza. Ikachepa, mutu umaoneka wodulidwa ndi lumo n'kumatidwa. Ikachuluka, m'mphepete mumachita nkhungu, munthu amaoneka ngati mzukwa, ndipo mtundu wa kumbuyo kwa chithunzi chakale umatsatira. Anakulitsa chithunzicho mpaka timadontho take tinayamba kuoneka, n'kuyang'ana phewa la gauni kuti aone mmene kamera ya tsiku lija inafewetsera m'mphepete mwa zinthu. Masaya ndi makutu anawapatsa kufewa komweko, osapitirira. Pa tsaya lakumanja panatsala kamzere kobiriwira ka khoma la koleji lija. Anabweza malire a masiki mkati pang'ono, kamzereko kanazimirira. Tsitsi la m'mbali mwa chipewa analitsata ndi kaburashi kakang'ono, chifukwa tsitsi likasalala kwambiri m'mphepete limaoneka ngati chisoti.

Zitatha izo anatembenukira ku mtundu. Manja a pachithunzipo anali ake, akuda, ndipo nkhope inali yoyererako ndi yofiirira. Anachotsa kufiirako, nadetsa nkhope pang'ono, nawalitsa manja pang'ono, mpaka zinakumana pakati. Pansi pa chibwano anajambula mthunzi wofewa wogwera kumanja, pa kolala, ndi wina pamphumi pansi pa chipewa, pakuti mutu wopanda mthunzi umayandama. Pomaliza anaona kuti chithunzi cha gauni chinali ndi timchenga ta filimu pamene nkhope inali yosalala, ndiye anathira timchenga tofanana pankhopepo. Anachepetsa chithunzicho, natsamira kumbuyo.

Chisamba anali ataima pambali pa amayi ake, atavala gauni, dzuwa likumuwomba kumanzere. Amayi anali atamugwira mkono, akuseka mpaka mano onse panja.

A Mwetulirani analowa kudzatenga mapepala, naima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Anawerama, kufunafuna pakhosi, m'makutu, m'mphepete mwa chipewa.

"Ndikanapanda kujambula ndekha chithunzichi, ndikanalumbira m'khoti," anatero. Anakanda pachibwano. "Sindinaonepo ntchito yako yoposa iyi. Ndipo sindikudziwa ngati ndikuyamikire."

"Musavutike, bwana."

"Fayilo ya ma leya uisunge. Usaiphatikize."

"Ndaisunga."

Anaisungadi. Pansi pa mkulu wake iye analipo yense, makutu ndi zonse, ndipo kungozimitsa ma leya apamwamba akanabwerera. Koma pepala lilibe ma leya. Chotuluka m'pulinta chimakhala chimodzi, chophwatalala, ndipo chimenecho ndicho chinapita kunyumba.

Amayi sanalire ulendo uno. Anachiyang'ana, nachipukuta ndi mpango ngakhale panalibe fumbi, nauza mpongozi wawo kuti achiike m'fulemu yomwe ija, pa msomali womwe uja. Chakale Chitsiriza anachilowetsa mu envelopu n'kuchiika pamwamba pa wadiropu. Usiku umenewo amayi anadya bwino, mpaka anapempha chakudya china.

Miyezi yoyamba amayi ankadziwa kuti n'chopanga. Mlendo akabwera ankamukokera pa kabati n'kunena kuti, "Taonani zimene anandipangira wamng'onoyu pa makina ake. Mungadziwe?" Chitsiriza ankamva ali kuchipinda, ndipo kamtima kankakhala pansi. Kenako mawu oti wamng'onoyu anayamba kugwa m'nkhaniyo. Inatsala yoti, "Taonani Chisamba wanga." Matenda aja ankagwira ntchito yawo mwakachetechete. Amayi anayamba kuika shuga m'firiji ndi kufunsa mpongozi wawo kuti ndi mwana wa ndani. Koma m'mawa uliwonse ankaima pa kabati paja, manja kumbuyo, ngati munthu wowerenga nyuzipepala.

Tsiku lina kunabwera mayi wina amene ankagwira nawo ntchito kale. Chitsiriza anali kukonza swichi ya pakhonde, chitseko chili chotsegula.

"Kodi anamaliza? Ine ndinkayesa ngozi ija inachitika asanamalize," anatero mlendoyo.

"Anamaliza, si uyu? Ndinalipo. Ndinafika mochedwa, nsapato inandidukira panjira. Atamuitana dzina ndinaimirira pakati pa holo, ine osaona manyazi, ndinakuwa kuti ameneyo ndi wanga! Anthu onse cheu."

Anaseka awiriwo. Chitsiriza anapitiriza kumanga sikuluwu imene inali itamangika kale.

Mkazi wake ndiye sanapirire. Loweruka lina akusesa anatsitsa envelopu ija, nagula fulemu yotchipa, naimika chithunzi chenichenicho pa kabati, pansi penipeni pa chinzake. Anati mwina akaona ziwirizo pamodzi, china chake chidzadzuka. Chitsiriza sanamuletse. Kunena zoona, nayenso ankayembekeza.

Amayi anatuluka kuchipinda, naima pamalo pawo pa masiku onse. Anayang'ana chapamwamba, chapansi, chapamwambanso. Ananyamula chapansicho n'kupita nacho pazenera.

"Iwe, tabwera kuno."

Iye anabwera.

"Ichi wapanga ndiwe?"

"Chimenecho ndiye chenicheni, amayi. Ndine ameneyo. Tsiku lija munabwera..."

"Usandipusitse. Ntchito yako ndimaidziwa, ndinakuona ukudula mitu ya anthu. Wachotsa mutu wa mkulu wako n'kuikapo wako." Mawu awo ankanjenjemera ndi mkwiyo. "Gauni ya mwini wake! Munthu anavutikira yekha, iwe n'kungolowamo ngati malaya a pachingwe. Ulibe manyazi?"

"Amayi, taonani bwinobwino," anatero mkazi wake. "Taonani manjawo."

"Inu musalowerere, ndi za ana anga izi." Anayandikitsa chithunzicho kumaso, chala chikuyenda pagalasi, mpaka chinaima pakhosi pa Chitsiriza, pamene panali mkwinya wa khungu pamwamba pa kolala. "Apa. Ndapaona pamene walumikiza. Ukuyesa ndine wakhungu? Ndi makutu akowa, achita kuonekeratu kuti ndi omata. Sunakonze n'komwe bwino."

Chitsiriza anayang'ana pamene chala chinaloza. Linali khosi lake, mmene anabadwira. Akanatha kuwatengera kusitudiyo, kuwakhazika pampando wothyoka uja, kuzimitsa ma leya amodziamodzi kuti aone nkhope ya Chisamba ikuchoka ndi yake ikutuluka. Koma anadziwa chimene akanaona: mwana wawo wamng'ono akufufuta mkulu wake iwo akupenya. Ndipo pofika mawa akanaiwala kufotokoza konse, n'kutsala ndi kuwawa kokha.

"Pepani, amayi," anatero. "Ndimangoyesa makina."

"Uchichotse. Ndisachionenso."

Anachichotsa. Mkazi wake analowa kukhitchini n'kutsegula mpope mwamphamvu, koma kulira kwake kunkamvekabe.

Pofika madzulo amayi anali ataiwala mkanganowo. Matendawa ali ndi chifundo chake chankhanza. Anakhala pasofa atafunda shawelo, ndipo Chitsiriza atabweretsa mankhwala ndi madzi, anamwa osakangana, n'kumugwira dzanja kuti akhale pambali pawo. Anakhala. Kunja ana a oyandikana nawo ankathamangitsana, wina akuitanidwa kuti akasambe. Maso a amayi anali pakhoma.

"Linali tsiku labwino limene lija," anatero.

"Eya, amayi."

"Kunatentha. Titatuluka anandigulira chakumwa chozizira, iye osamwa, akuti amayi imwani ndinu mwatopa. Anatenga nsapato yanga ija n'kuimanga ndi kachingwe ka kabuku ka pulogalamu ya mwambowo, atagwada pansi ndi gauni yakeyo, anzake akumuseka." Anapukusa mutu mokondwa. "Mwana ameneyu."

Chitsiriza ankakumbuka kachingweko. Kanali kofiira, ndipo kanadukanso asanafike pokwerera basi.

Amayi anatembenuka, namuyang'ana nkhope yonse, mwachifundo, ngati akumuona patapita nthawi.

"Nanga iwe unali kuti? Tsiku lalikulu la mkulu wako, iwe osaoneka pachithunzi. Sunabwere?"

Pakhomo la kukhitchini mkazi wake anaima, mbale ili m'manja. Chitsiriza anayang'ana chithunzicho. Anafunafuna pakhosi, m'mphepete mwa tsaya, pansi pa chipewa, mwina pena pake anasiya kachilema koti angalozepo. Panalibe.

"Ndinabwera, amayi," anatero. "Ndine ndinajambula."

"Ndiwe?" Anayang'ananso pakhoma, kenako anamusisita dzanja kawiri. "Unajambula bwino, mwanawe."